Makiyi Awiri pa Chingwe Chimodzi

A Teodoro anali ndi zinthu ziwiri zimene ankanyadira pa Chiwanga, ndipo ukakhala nawo pansi pa mtengo wa mango sunkanyamuka usanamve zonse ziwiri. Choyamba chinali maukwati. Bamboyu anali ndi diso loona anthu oyenerana, moti mabanja ambiri kuyambira pa Chiwanga mpaka ku Msumba anali ndi dzanja lawo. Chachiwiri chinali maloko awiri a pachitseko cha nyumba ya petulo.

Nyumbayo inali ya gulu la asodzi limene a Teodoro anali wapampando wake. Bungwe lina la ku Lichinga linkathandiza gululi ndi petulo wa mainjini a maboti, ndipo linali litalonjeza firiji yaikulu ya sola, kuti chambo ndi kampango zizifika kumsika wa kumtunda zisanayambe kuitana ntchentche. Koma lonjezolo linali ndi mchira. Firiji inali yoti ibwera pokhapokha bungwelo likakhutira kuti petulo wasamalidwa bwino chaka chonse, chifukwa chaka cham'mbuyo migolo inkangouma chonsecho inalibe chibowo ndi chimodzi chomwe.

A Teodoro anagona nayo nkhaniyo n'kudzuka ndi nzeru. Chitseko chikhale ndi maloko awiri. Kiyi imodzi, imene kuno amati shavi, asunge mayi Joaquina, mayi wamasiye amene sankaseka ndi wakuba. Inayo asunge Tino, wokonza mainjini, yemwe anachokera ku Cobue ndipo analibe m'bale aliyense m'komiti. Potsegula akhalepo onse awiri, poyeza petulo m'zigubu aone onse awiri, ndipo asaine papepala pomwepo chitseko chisanatsekedwe.

"Mutu umodzi susenza denga," anatero a Teodoro pamsonkhano, ndipo anthu anawomba m'manja mpaka nkhuku zinabalalika.

M'mwezi wa Malichi bungwe lija linatumiza Dona Hadia, awuditora, ndiye kuti munthu wodzaona ngati malamulo osamalira katundu ali bwino. Anali mayi wamfupi, womanga mpango wobiriwira, wolankhula pang'onopang'ono ngati sakufuna kudzutsa munthu. Anapempha kuti amuonetse ulendo umodzi wa petulo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Msodzi anabwera ndi chigubu chake, mayi Joaquina anatsegula loko wawo, Tino anatsegula wake, onse analowa m'kachipinda ka petulo, anayeza, anasaina, anatseka. Kachipindako kanali kopanikiza, khomo lake laling'ono, moti awiriwo ankachita kugundana mapewa.

"Dongosololi mwalikonza bwino," anatero Dona Hadia. "Likamatsatidwa, munthu mmodzi sangatulutse gazolina yekha. Ndidzabweranso chaka chikamatha."

A Teodoro anamva mawu oyambawo ndi makutu onse awiri. Mawu akuti "likamatsatidwa" anawadutsa pamwamba pa chipewa. Sabata yomweyo anauza mudzi wonse kuti firiji ili kale panjira, anasonkhanitsa anthu n'kumanga kachisakasa ka malata koikamo firijiyo pafupi ndi nyumba ya petulo, pansi pake n'kuwakapo nsanja ya simenti yosalala bwino. Aliyense wodutsa ankauzidwa kuti asakhalepo, pamenepo m'pa mlendo.

Nthawi yomweyonso diso lawo lija silinagone. Anaona kuti Arlete, mwana wa mayi Joaquina, akabweretsera amake chinangwa chophika kunyumba ya petulo, Tino ankagwetsa masipanala kawirikawiri kuposa masiku onse. Anaonanso kuti Arlete ankachedwa kuchoka ngakhale mbale itatha kale. Kwa a Teodoro izi zinali ngati kuika nsomba pamphuno pa mphaka. Anayendayenda, analankhula ndi uyu, anatumiza mawu ku Cobue, ndipo m'mwezi wa Juni, mwera ukuwomba, belu la tchalitchi cha ku Msumba linalira. A Teodoro anavina paukwatiwo mpaka nsapato inang'ambika. Tino anamanga nyumba yake kuseri kwa ya apongozi ake, monga mkamwini aliyense waulemu.

Miyezi inadutsa. Kumapeto kwa mwezi uliwonse mapepala a petulo ankafika kwa a Teodoro, mzere uliwonse uli ndi masaini awiri, ndipo iwo ankawasisita ngati mwana wakhanda. Ankadutsa panyumbapo m'mawa, n'kugwedeza maloko onse awiri, n'kuwapeza ali gwa. Koma nthawi yotsegula, dzuwa likapendeka, iwo ankakhala ali pabawo.

Dona Hadia anabweranso mu Disembala, mvula yoyamba itagwa, atakwera panjinga yamoto kuchokera ku Metangula. A Teodoro anamulandira atavala malaya oyera amene anavala paukwati uja.

"Bon diya, Dona! Mwadzivutitsa chabe ndi matope onsewa. Zonse munaziona kale. Maloko ndi omwe aja, anthu ndi omwe aja."

"Ndinaziona ndithu, bambo," anayankha akupukuta nsapato pa udzu. "Koma tsiku lija ndinabwera kudzaona ngati bwato lasemedwa bwino, lili pamchenga. Lero ndabwera kudzafunsa ngati layenda pamadzi chaka chonse."

"Layenda! Funsani aliyense."

"Ndifunsadi," anatero akumwetulira.

Anakhala pamthunzi ndi mulu wa mapepala. A Teodoro anafuna kumusankhira a mwezi wa Epulo, omwe anali olembedwa mokongola kwambiri, koma mayiyo anakana mwaulemu. Anati masiku asankha yekha, angapo m'mwezi uliwonse, a nyengo ya mwera, a nyengo yotentha ndi a mvula omwe, chifukwa lamulo limagwira bwino masiku ena n'kugona masiku ena. Anayang'ana masiku amene anasankhawo, ndipo onse anali ndi masaini awiri. A Teodoro anatulutsa chifuwa.

"Mwaonatu?"

"Pepala likunena kuti anthu awiri anasaina," anatero Dona Hadia. "Silikunena kuti anaimirira pakhomo onse awiri. Ndikufuna ndione akutsegula lero, kenako ndicheze ndi aliyense payekha."

Dzuwa litapendeka asodzi anayamba kufika ndi zigubu zawo. Mayi Joaquina anatulukira m'kanjira ka kumsika, akuyenda mwa ufulu wawo wonse. Tino, yemwe a Teodoro anachita kumutumira uthenga kuti asasowe, anatulukira mbali ina, koma atangoona apongozi ake anapatuka ngati waona njoka. Anakaima patali pansi pa mtengo wa mango, ananjuta, anavula chipewa, maso n'kuloza pansi.

"Tino, tabwera kuno, alendo akudikira," anaitana a Teodoro.

Tino anasendera phazi limodzi, n'kunjutanso.

"Iwe, khomo lili kuno!"

"Ndamva, bambo," anayankha Tino, koma sanasunthe. Thukuta linali kamukamu pamphumi, ndipo asodzi anayamba kusekera m'manja.

Mayi Joaquina sanali munthu wotaya nthawi. Anapisa dzanja m'khosi mwa bulauzi n'kutulutsa chingwe chakuda ndi thukuta. Pachingwepo panali makiyi awiri, akulira ngati tizitsulo ta pakhosi pa mbuzi. Anatsegula loko woyamba, anatsegula wachiwiri, n'kukankha chitseko ndi chigongono.

A Teodoro anayang'ana chingwe, anayang'ana Tino, anayang'ana Dona Hadia, amene anangokweza nsidze pang'ono.

"Mayi Joaquina," anatero a Teodoro, "shavi ya Tino ikutani pakhosi panu?"

"Nanga ikhale kuti?" anafunsa mayiwo modabwa zenizeni. "Mukufuna mkamwini wanga azidzagundana nane mapewa m'kachipinda aka? Azindipumira m'khutu? Inu a Teodoro, munakulira kuti?"

Asodzi anaphulika nako kuseka. Wina anachita kukhala pachigubu chake.

Dona Hadia anacheza ndi mayi Joaquina kaye, ndipo a Teodoro anapempha kuti angokhala pambali. Mayiwo sanabise kanthu, chifukwa m'maso mwawo panalibe choti n'kubisa. Ukwati utangotha, Tino anayesa tsiku limodzi kubwera pakhomo, koma kiyi inamugwa kawiri, ndipo iwonso anachita manyazi mpaka anataya petulo pansi. Kuyambira pamenepo Tino ankapatsa Arlete kiyi kuti akapereke kwa amake, madzulo n'kuibweza. Kenako Arlete anatopa nako kuyendayenda, makamaka pamene anayamba kudana ndi fungo la petulo, ndipo kiyi inangokhazikika pachingwe.

"Nanga kusaina?" anafunsa Dona Hadia.

"Loweruka lililonse Arlete amamutengera mapepala kunyumba, amasaina sabata yonse. Mwana waulemu kwambiri ameneyu, sadumpha mzere."

Dona Hadia atapita kwa Tino pansi pa mango, nkhani inali yomweyo. Tino anati sanaonepo petulo akuyezedwa chichokereni ku tchalitchi.

"Ndiye munkasaina kuti mwaona chiyani?"

Tino anapotokola chipewa. "Dona, amene ayeza ndi apongozi anga. Ndingakafunse ine kuti mayi, malita awa ndi oona? Pakamwa pake ndipatenge kuti?"

A Teodoro anafuna nthaka iwameze. Chimene chinawapweteka kwambiri si kuseka kwa asodzi, koma kuzindikira kuti mudzi wonse unkadziwa. Aliyense wotenga petulo ankaona makiyi awiriwo tsiku ndi tsiku, ndipo palibe anaganiza kuti ndi nkhani, popeza mkamwini wopewa apongozi ndi mkamwini woleredwa bwino. Amene sankadziwa anali mwini nzeru yekha, yemwe ankagwedeza maloko m'mawa n'kupita kukasewera bawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe munthu safa asanaphiriphithe. Anamukokera pambali Dona Hadia.

"Dona, tamverani. Mayi Joaquina sangabe ngakhale dontho. Yezani migolo muone. Ngati palibe chasowa, vuto lili pati?"

"Ndiyeza, ndipo tsopano ndiyenera kuyeza kwambiri kuposa mmene ndinakonzera," anayankha. "Maloko akanakhala kuti anagwira ntchito chaka chonse, ndikanawadalira, n'kungoona pang'ono. Pano sindingawadalire, ndiye ndiyenera kulondola gazolina mwini wakeyo."

Ntchito imene ikanatha tsiku lomwelo inamugoneka pa Chiwanga masiku angapo. Anaviika ndodo m'migolo yonse kuti adziwe wotsala. Anayerekeza petulo amene bungwe linatumiza ndi amene anaperekedwa, kenako anayenda m'makomo mwa eni maboti kuwafunsa ngati analandiradi zimene zinalembedwa pa maina awo. A Teodoro ankamutsatira pambuyo atanyamula ambulera, mtima uli m'mwamba. Pomaliza zonse zinagwirizana, kupatula pang'ono pamene petulo amauluka yekha ndi kutentha.

"Mwaona!" anafuula a Teodoro, chimwemwe chitabwerera. "Palibe chasowa! Ndiye lembani kuti maloko anagwira."

"Chimene chinagwira ndi mtima wa mayi Joaquina," anatero Dona Hadia. "Maloko anagona kuyambira Junyu, mwezi wa ukwati. Mwachita mwayi kuti shavi zonse zinagwera munthu wokhulupirika. Koma munaika maloko awiri kuti musamadalire mwayi. Mawa mayiwa akadwala, chingwe chija n'kupita kwa munthu wina, mudzadalira chiyani?"

A Teodoro anapinda ambulera ija.

"Ndilemba zoona zonse," anapitiriza mayiyo mofatsa. "Ndilemba kuti dongosolo linakonzedwa bwino, kuti linatsatidwa mpaka ukwati, kuti pambuyo pake silinatsatidwe, komanso kuti gazolina sanasowe. Ndilembanso kuti ngakhale Tino atalimba mtima mawa n'kuima pakhomo, sizikwanira. Munawasankha awiriwa chifukwa sanali pachibale. Lero akudyera nkhokwe imodzi."

"Nanga firiji?"

"Za firiji agamula ndi a bungwe, osati ine. Koma ndikuwadziwa. Adzafuna dongosolo likonzedwe, liyende miyezi ingapo, ndidzalionenso."

Kenako anafunsa, ngati akungocheza: "Kodi ukwati wokoma chonchi anayendetsa ndani?"

A Teodoro anayang'ana kunyanja. "Mwera unali wamphamvu chaka chino," anatero.

Dona Hadia anaseka mpaka kugwira mpango kuti usagwe, ndipo a Teodoro, atalimbalimba, anaseka nawo. Walira mvula walira matope.

Zinachitika monga ananenera. Bungwe linayankha kuti firiji idikire mpaka mwera wotsatira, awuditora akadzaonanso. A Teodoro anaimirira okha pamsonkhano n'kuuza anthu, ndipo tsiku limenelo linawawawa, chifukwa panali amayi amene anali atalonjeza kale makasitomala a ku Lichinga nsomba zozizira. Mayi wina anafunsa ngati pansanja ya simenti paja tsopano angayanikepo usipa. Anthu anaseka, koma a Teodoro anamva ngati abayidwa ndi munga wa kampango.

Kiyi yachiwiri inachoka kwa Tino, yemwe anaipereka ndi manja awiri ndi nkhope ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Komiti inasankha a Aristides, bambo wa imvi, wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, wamasiye, amene ana awo onse anali pabanja kutali. A Teodoro anafufuza mtundu wawo mpaka kwa agogo a agogo, ndipo sanapeze ngakhale kamtsitsi kolumikizana ndi mayi Joaquina. Bawo anaisiya. Dzuwa likapendeka ankakhala pansanja ya simenti ija, yomwe ankaletsa ena kukhalapo, n'kumaonerera makiyi awiri akubwera m'njira ziwiri, m'manja awiri. Masiku ena ankabisala dala, n'kutulukira mwadzidzidzi, ndipo nthawi zonse ankapeza awiriwo ali m'kachipinda, wina akuyeza, wina akuwerenga mokweza.

Mvula inatha, chinangwa chinakula, Arlete anabereka mwana wamkazi wonenepa. Zonse zinkayenda bwino, mwinanso bwino mopitirira. A Teodoro anayamba kuona kuti a Aristides akubwera atapesa imvi zawo, malaya atasita. Anaonanso kuti mayi Joaquina, amene sankaseka ndi munthu, akuseka m'kachipinda muja mpaka kumveka panja. Diso lawo lija linaona zonse, koma iwo analikalipira kuti ligone.

Tsiku lina, mwera utayamba kununkhira ndipo uthenga utafika kuti Dona Hadia abwera mwezi wamawa, a Aristides anatsalira anthu atabalalika. Anakhala pamphepete pa nsanja, anakhosomola, anapukuta magalasi amene anali oyera kale.

"Achimwene," anayamba, "inu mumadziwa kuyendetsa nkhani zina zake."

"Nkhani zanji, aphunzitsi?"

"Khomo lija ndi laling'ono," anatero a Aristides akuyang'ana zala zawo. "Munthu ukamagundana mapewa ndi mnzako tsiku ndi tsiku, umayamba kuganiza kuti kukhala wekha si lamulo. Ndalankhula nawo. Akuti ndipeze munthu woti akaonekere kwa abale awo."

Mtima wa a Teodoro unadumpha ndi chimwemwe, pakuti ukwati ngati umenewu, wa anthu awiri amene anasiya kale kuyembekezera, sanauyendetsepo chibadwire. Nthawi yomweyo anamva kuzizira kwa simenti imene anakhalirayo. Akanatha kunena kuti dikirani Dona adutse kaye, tizinamizira kuti palibe chikuchitika. Akanathanso kungokhala chete, poti ukwati unali usanachitike. Anayang'ana bambo wa imviyo, amene maso ake analoza pansi ngati a Tino tsiku lija, ndipo anadziwa kuti munthu ameneyu sangathenso kufunsa mayi Joaquina ngati malita ali oona.

"Aphunzitsi, nkhaniyi ndiyendetsa ine, ndipo ndidzavina mpaka nsapato inayo ing'ambikenso," anatero. "Mawa m'mawa komiti ikhale, tisankhe munthu wina wosunga shavi yanu chitseko chisanatsegulidwe, ndipo Dona akabwera ndidzamuuza ndekha chifukwa chake."

A Aristides anagwetsa misozi ya chimwemwe n'kutambasula manja kuti awakumbatire. A Teodoro anabwerera m'mbuyo pang'ono, natambasula dzanja limodzi lokha, chikhatho chili m'mwamba.

"Shavi kaye, aphunzitsi."